Chithunzi Chimodzi, Mafayilo Awiri: Ntchito ya Ajambuli a ku Nkaya

Pa Nkaya pamakumana njanji: yochokera ku Limbe kupita ku Salima, yolowera ku Liwonde ndi Nayuchi mpaka ku Nacala, ndiponso yobwera ndi malasha kuchokera ku Moatize. Anthu a m'midzi yozungulira akafuna kujambulitsa pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa tsiku lomaliza sukulu, amaitana wojambula wa pafupi. Koma chithunzi chachikulu chopachika pakhoma nthawi zambiri chimakatsukidwa kutali, ku Balaka, ku Liwonde, mwinanso ku Blantyre. Pa mtunda umenewu, pakati pa wojambula ndi wotsuka, m'pamene zithunzi zambiri zabwino zimawonongekera.

Ntchitoyi imadutsa m'manja mwa anthu atatu, ngakhale kuti awiri oyambawo kawirikawiri amakhala munthu mmodzi. Pali wogwira kamera, pali wokonza chithunzi pa kompyuta kapena pa foni, amene amawongola kuwala ndi kuchotsa ziphuphu, ndipo pali wa makina otsukira. Wachitatuyu ndiye amalandira madandaulo kasitomala akaona nkhope yake itafufutika papepala, pamene vuto linayambira kwa wachiwiri, amene anatulutsa fayilo imodzi yokha n'kuitumiza kulikonse.

Tiyerekeze kuti wojambula wajambula bambo wina wachikulire atavala jekete, ndipo ana ake akufuna chithunzicho m'fulemu ya A4, komanso akufuna kuchitumiza kwa mlongo wawo amene ali ku Joni. Kamera yake imatulutsa mapikiselo 4000 m'lifupi ndi 6000 m'litali. Mapikiselo ndi timadontho timene timapanga chithunzi, ndipo kuchuluka kwake ndi kumene kumalamula kuti chithunzi chingakule kufika pati chisanayambe kufufutika.

Otsuka amafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse ya pepala. Pepala la A4 ndi la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, choncho likufunika mapikiselo 2480 ndi 3508. Kamera ija ili nawo otsala. Koma asanachepetse, wokonza ayenera kudula yekha chithunzicho kuti chifanane ndi maonekedwe a pepala, chifukwa chithunzi cha m'kamera n'chotalikirapo kuposa A4. Pa mapikiselo 6000 aja, pafupifupi 340 ayenera kuchoka. Akapanda kusankha yekha podula, makina adzadula pang'ono kumwamba ndi pang'ono pansi, ndipo ngati mutu wa bambo uja unayandikira m'mphepete, tsitsi lipita. Fulemu ya mainchi 8 ndi 10 ndiye imadya kwambiri: pamachoka mapikiselo 1000 athunthu. N'chifukwa chake wojambula wodziwa amafunsa kukula kwa fulemu asanayambe kukonza, ndipo amasiya kampata pamwamba pa mutu, poti nawo mkombero wa fulemu umabisako pang'ono.

Akadula, amatulutsa fayilo ya JPEG. Mu Lightroom, pa Quality amaika 90 kapena kuposerapo, pa Color Space amasankha sRGB, ndipo pa Output Sharpening amasankha Glossy Paper kapena Matte Paper malinga ndi pepala limene wotsuka ali nalo. Za sRGB n'zofunika kuzisamala. Makamera ena amakhala atatcheredwa pa Adobe RGB, ndipo makina ambiri otsukira amawerenga fayilo iliyonse ngati ya sRGB; zotsatira zake khungu limatuluka lotuwa ngati la munthu wodwala, chitenje chofiira n'kuzilala. Fayilo yotere imalemera mamegabaiti awiri, atatu kapena anayi.

Pali chinanso chimene ajambuli atsopano amachiphunzira atawononga mapepala. Galasi la foni kapena la kompyuta limadziwalira lokha, pepala ayi. Nkhope ya munthu wakuda imene ikuoneka bwino pa galasi lowala kwambiri imatuluka yoderapo papepala, jekete lakuda n'kusanduka chibanthu chopanda mizere. Wokonza wanzeru amachepetsa kuwala kwa galasi lake pokonza, amaunikirako pang'ono mithunzi ya pankhope pa fayilo yokatsukitsa, ndipo ngati malo otsukirawo ndi achilendo kwa iye amayamba watsukitsa kakang'ono ka mainchi 4 ndi 6 kuti aone. Ine ndimaona kuti ndalama ya kakang'onoko ndi yochepa poyerekeza ndi ya kubwereza A4 pamodzi ndi thiransipoti.

Fayilo ya mlongo wa ku Joni ndi nkhani ina. WhatsApp imafinya chithunzi chilichonse chotumizidwa mwa nthawi zonse, n'kuchichepetsa kufika pa mapikiselo pafupifupi 1600 kumbali yaitali. Wojambula akatumiza fayilo yaikulu ija, WhatsApp imachita yokha ntchito yochepetsa, ndipo siisamala kuti maso a bambo uja akhale akuthwa. Ndi bwino wokonza achepetse yekha: pa Resize to Fit asankhe Long Edge n'kulemba 1600, Quality aike pa 80, Output Sharpening pa Screen, sRGB yomweyo. Fayilo imatsika kufika pa makilobaiti mazana ochepa, imapita ngakhale netiweki ya TNM kapena Airtel ikuvuta, ndipo siimaliza bandulo ya wolandira. Nambala ya 72 kapena 300 ya pa Resolution ilibe ntchito pa foni, pakuti foni imangowerenga mapikiselo. Kuyambira mu 2023 WhatsApp ili ndi batani la HD, limene limasunga mapikiselo ambiri, komabe nalo limafinya.

Tsopano taonani zimene zimachitika mafayilo awiriwa akasokonezeka. Mwana wina watenga chithunzi cha pa gulu la WhatsApp la banja, wapita nacho ku Balaka kuti achitsukitse pa A4. Chithunzicho chili ndi mapikiselo 1067 m'lifupi. Kuwagawa pa mainchi 8.27 a pepala, inchi iliyonse ikupeza timadontho 129 tokha, osafika ngakhale theka la 300. Pa kapepala ka mainchi 4 ndi 6 chikanatuluka bwino ndithu, poti pamenepo inchi ikupeza timadontho 267, ndipo izi ndi zimene zimapusitsa anthu: kakang'ono kanakongola, ndiye akuganiza kuti chachikulu chikongolanso. Wotsuka wosamala amachikulitsa pa kompyuta kufika pa 100% asanawononge pepala. Akaona timabokosi pamasaya ndi pakhoma la kumbuyo, tinyalala tozungulira tsitsi ndi kolala, nsidze zitaphatikana, ndi kufiira kwa nsalu kutadumpha malire ake, amadziwa kuti chadutsa pa WhatsApp. Chojambulidwa pa galasi la foni kuchokera pa Status ndiye choipitsitsa. Kulemba 300 m'bokosi la Resolution sikubweza zimene zinatayika.

Njira yofikitsira fayilo yaikulu kwa wotsuka ilipo pa WhatsApp pomwepo. M'malo mosankha Gallery, wojambula asankhe Document, ndipo fayilo imapita yathunthu, yosafinyidwa. Akhozanso kuipereka pa fulashi kapena pa memole khadi kwa munthu amene akupita kutauni. Wolandira ayang'ane kulemera kwake: ikakhala ya makilobaiti 200 pamene amayembekezera mamegabaiti atatu, aimbe foni asanatsuke. Mayina a mafayilo athandizenso, ina `bambo_A4.jpg`, ina `bambo_foni.jpg`, ndipo zonse zitulutsidwe kuchokera ku fayilo yoyamba ya m'kamera, chifukwa JPEG imaonongekerako nthawi iliyonse imene yakonzedwa n'kusungidwanso.

Ajambuli ena amapereka kwa kasitomala fayilo ya pa foni yokha, yaikulu n'kusunga, kuti wofuna chapakhoma abwerenso kudzalipira. Amenewo ndi malonda awo, bola anene poyera pogwirizana mtengo. Inu ojambulitsa, funsani ngati mtengowo ukuphatikiza fayilo yokatsukitsa, ndipo muilandire ngati Document.