Silabu ya nyumba yaing'ono imadya matumba angati a simenti?

Amalonda ambiri amamanga nyumba ndi phindu la tsiku ndi tsiku. Mwezi uno njerwa, mwezi wamawa maziko, mpaka ifike nthawi yothira silabu. Apa ndi pamene ndalama imatuluka yambiri pakamodzi, ndipo mpamba wa geni ukhoza kulowa m'nyumba osabwereranso. Mmisiri wina amati mpofunika matumba 25 a simenti, wina amati 40, nyumba yake yomweyo. Wogula ochepa amaona konkire itathera pakati pa chipinda dzuwa likulowa, pomwe wogula ochuluka amatsekera ndalama m'matumba omwe adzaume ali m'nyumba.

Chonsecho masamu ake ndi ochepa, ndipo kakuleta ya pafoni ndi yokwanira. Mwini nyumba angodziwa zinthu zitatu: kukula kwa malo othirapo, kuchindikala kwa silabu ndi kasakanizidwe ka konkire.

Kuyeza malo

Chitsanzo chikhale cha mayi wogulitsa kaunjika amene akumanga nyumba ya mamita 8 mulitali ndi mamita 6 mulifupi. Tepi iyenera kufika paliponse pamene konkire idzafike. Ngati silabu idzakuta makoma a maziko, ayeze kuyambira kunja kwa khoma. Ngati adzathira chipinda ndi chipinda, ayeze m'kati mwa chipinda chilichonse n'kuphatikiza. Khonde nalo lisaiwalike.

Silabu yapansi ya nyumba yogona nthawi zambiri imachindikala masentimita 10, omwe powerengera amalembedwa 0.1 ya mita. Manambala atatuwa amachulukitsidwa:

8 × 6 × 0.1 = 4.8

Ndiye kuti mayiyu akufunika konkire yokwana makiyubiki mita 4.8. Kiyubiki mita imodzi ndi ngati bokosi la mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu, ndipo mumalowa malita 1,000, omwe ndi ndowa 50 za malita 20.

Zouma zimachuluka kuposa zothira

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Munthu akagula simenti, mchenga ndi miyala zokwana 4.8 pamodzi, konkire yake sidzakwana. Pakati pa miyala ya kwale pamakhala mipata, ndipo posakaniza mchenga umalowa m'mipatamo. Simenti ndi madzi nazo zimalowa m'mipata ya mchenga. Wogulitsa nyemba amazidziwa bwino zimenezi: akathira mpunga m'ndowa yodzaza nyemba n'kugwedeza, wina umalowa pansi ndowa osasefukira.

Pofuna kubweza zotayika m'mipatazi, omanga amachulukitsa ndi 1.54:

4.8 × 1.54 = 7.4

Zipangizo zouma zonse pamodzi ziyenera kukwana makiyubiki mita 7.4.

Kugawa m'magawo

Mmisiri akanena kuti 1:2:4, amatanthauza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala. Chotengera chikhoza kukhala ndowa kapena bokosi, bola chikhale chimodzimodzi pa zonse zitatu. Magawo onse ndi 7, choncho 7.4 akagawidwa ndi 7, gawo limodzi likhala 1.06.

Simenti ndi gawo limodzi, kutanthauza malita 1,060. Thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi malita pafupifupi 35. Kugawa 1,060 ndi 35 kukupereka 30 ndi kachidutswa, ndipo poti kuhadiweya sagulitsa kachidutswa ka thumba, awa ndi matumba 31. Mchenga ndi magawo awiri, makiyubiki mita 2.1. Miyala ndi magawo anayi, makiyubiki mita 4.2.

Pantchito sipalephera kutayika kanthu. Mchenga wina umatsalira pansi pamene anautsitsira, konkire ina imakakamira posakanizira, ina imagwa m'wilibala. N'chifukwa chake pamawonjezeredwa gawo limodzi pa magawo 10 alionse. Mndandanda womwe mayiyu angapite nawo kogula ukhala wotere: simenti matumba 34, mchenga makiyubiki mita 2.3, miyala makiyubiki mita 4.6.

Wofuna kuyerekeza mwachangu angosunga kumutu kuti kiyubiki mita imodzi ya konkire ya 1:2:4 imadya matumba 6 ndi kupitirira pang'ono.

Nanga 1:3:6?

Amisiri ena amasankha 1:3:6 kuti simenti ichepe. Magawo apa ndi 10, ndipo gawo limodzi pa 7.4 ndi 0.74. Simenti ikhala malita 740, omwe ndi matumba 22. Mchenga ukhala 2.2, miyala 4.4, kuwonjezera kwa zotayika kusanalowe.

Mchenga ndi miyala sizinasinthe kwenikweni. Chasintha ndi simenti yokha, yomwe yatsika ndi matumba 9. Apa ndi pamene nthawi zambiri pamachokera kusiyana kwa mawu a amisiri awiri aja. Mwini nyumba akamva nambala ya matumba afunse kuti yawerengedwa pa kasakanizidwe kati komanso kuchindikala kotani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Konkire ya 1:3:6 ndi yofookerapo. Imayenera pamalo osasenza katundu wolemera komanso pa dothi lotsendereka bwino, makamaka ngati pamwamba padzaikidwa matope a simenti osalazira. Ngati chipinda china chidzakhala golosale, mosungira matumba a chimanga kapena mokokeramo makireti tsiku lililonse, 1:2:4 ndiyo yoyenera. Matumba 9 opulumutsidwa lero sangakwane kukonzera pansi pomwe payamba kufumbuka mashelefu ali kale m'malo.

Lole, wilibala ndi ndowa

Ogulitsa mchenga ndi miyala satchula makiyubiki mita. Amatchula tiripi ya lole, wilibala kapena mulu. Wogula ayenera kusandutsa masamu ake kuti afanane ndi miyezo imeneyi.

Wilibala ya omanga ikadzaza mosapanga phiri imatenga malita pafupifupi 65, koma mawilibala amasiyana, makamaka owotcherera kumsika. Njira yosavuta ndi kuthiramo mchenga ndi ndowa ya malita 20 n'kuwerenga. Ngati ndi ya malita 65, mchenga wa mayi uja ndi mawilibala 36 ndipo miyala ndi mawilibala 71.

Lole nayo imayezeka. Ngati kumbuyo kwake ndi mamita 3.5 mulitali, mamita 2 mulifupi, ndipo katundu wafika theka la mita atasalazidwa, muli makiyubiki mita 3.5. Tiripi imodzi yotere ikwanira mchenga n'kutsalako, koma siikwanira miyala. Kuyeza kuchitike lole isanatsitse, chifukwa mulu ukakhala pansi umanamiza maso. Kwa ogula pa sikelo, kiyubiki mita imodzi ya miyala imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, choncho 4.6 ndi matani pafupifupi 7.

Tsiku lothira, aganyu sawerenga makiyubiki. Lamulo lawo likhale la pa thumba limodzi. Pa 1:2:4, thumba lililonse limayenda ndi ndowa zitatu ndi theka za mchenga ndi ndowa 7 za miyala. Kuyeza ndi fosholo n'kosadalirika chifukwa fosholo ya mchenga wonyowa imanyamula zambiri kuposa ya miyala, ndiponso ya munthu wotopa imasiyana ndi ya m'mawa. Madzi asapitirire ndowa imodzi ndi theka pa thumba, ndipo achepe ngati mchenga ndi wonyowa. Konkire yoyenderera ngati phala la mwana imasangalatsa aganyu chifukwa siivuta kuyala, koma ikauma imakhala yofooka ndipo imang'aluka.

Sentimita imodzi, matumba atatu

Chomwe chimasokoneza masamu kawirikawiri ndi pansi posalingana. Pa nyumba ya mamita 8 kwa 6, silabu ikangochindikala ndi sentimita imodzi yokha kuposa momwe anawerengera, matumba atatu apita. Ikafika masentimita 12 m'malo mwa 10, matumba 6 apita, ndipo owonjezera aja sangakwanire.

Izi zimachitika dothi kapena zidutswa za njerwa zodzazira m'maziko zikakhala kuti sizinatsenderedwe ndi kusalazidwa bwino. Mankhwala ake ndi chingwe ndi tepi. Dzulo lake lothira, mmisiri akoke chingwe pa levulo yomwe silabu idzathere, kenako ayeze kuchokera pachingwe kufika pansi m'malo angapo, m'makona ndi pakati. Paliponse popitirira masentimita 10 padzazidwe ndi kutsenderedwa. Kudzaza dzenje ndi dothi n'kotchipa kuposa kulidzaza ndi konkire. Pepala lapulasitiki loyala pansi pa silabu limatchinga chinyezi komanso limaletsa madzi a simenti kumwedwa ndi dothi.

Ntchito ili m'kati, matumba opanda kanthu amanena zoona. Konkire ikafika theka la nyumba, matumba otsegulidwa akhale 15 kapena 16. Ngati afika 20, silabu ikuchindikala mopitirira ndipo simenti idzatha ntchito isanathe. Ngati ndi 10 okha, ndiye kuti silabu yapyapyala kapena aganyu akuchulutsa mchenga ndi miyala. Kuzindikira pa theka kumapereka mpata wokonza kapena wothamangira kuhadiweya. Konkire yothira mawa lake siigwirana bwino ndi yadzulo, ndipo pamalumikiziro pamenepo ndi pamene mng'alu umayambira.

Chiyambe kugulidwa n'chiyani?

Wogula pang'onopang'ono ayambe ndi miyala ndi mchenga, chifukwa sizionongeka ngakhale zitakhala miyezi. Mchenga ukhale wakumtsinje, wokhakhala. Wokayika authire m'botolo la madzi, akhutchumule n'kusiya usiku wonse. Pamwamba pa mchenga pakakhala matope ochindikala, umenewo udzafooketsa konkire.

Simenti ibwere pomaliza. Imakoka chinyezi ngakhale thumba lisanatsegulidwe, ndipo ikadutsa miyezi itatu mphamvu yake imakhala itayamba kutsika. Matumba akhale pa matabwa, osati pansi, komanso asatsamire khoma. Thumba lokhala ndi zibuma zosaphwanyika ndi zala lisawerengedwe pa 34 aja.

Masamuwa ndi a silabu yapansi yokha. Saphatikiza konkire ya m'maziko kapena matope osalazira pamwamba, ndipo sagwira ntchito pa silabu ya nyumba yosanja, yomwe imafuna zitsulo ndi injiniya. Silabu ikathiridwa, ithiriridwe madzi kapena kuphimbidwa ndi masaka onyowa kwa masiku osachepera 7 kuti simenti ilimbe mokwanira.

Chotsala ndi mtengo. Mitengo ya simenti imasinthasintha, ndipo ya mchenga ndi miyala imadalira mtunda womwe lole iyende. Wamalonda amene ali ndi pepala lolembedwa 34, 2.3 ndi 4.6 angofunsa mtengo wa tsiku limenelo m'mahadiweya awiri kapena atatu, kuchulukitsa, n'kuwonjezera ya mmisiri, aganyu ndi madzi. Akatero adziwa ngati silabu ithiridwe mwezi uno kapena idikire kaye kuti mpamba wa geni usakhudzidwe.