Vidiyo ya kwaya imafubira panjira, osati mu kamera

Tiyerekeze kuti kwaya ina ya ku Nkhorongo, mumzinda wa Mzuzu, yasonkha ndalama n'kuitana wojambula wa ku Luwinga. Loweruka m'mawa amayi avala zitenje zofanana, aima pansi pa mitengo, nyimbo ya mphindi zisanu yajambulidwa bwinobwino. Pa kompyuta ya wojambulayo maluwa a pazitenje akuoneka limodzilimodzi. Koma patapita sabata, vidiyo ili pa YouTube, nkhope za oima kumbuyo zili ngati zapakidwa phala, masamba a mitengo asanduka timabokosi, ndipo thambo lotuwa la ku Mzuzu lija lagawika mizeremizere. Mlandu umagwera wojambula: akuti kamera yake ndi yachabechabe. Nthawi zambiri munthuyo amakhala wosalakwa.

Tiyeni tiitsate vidiyoyo m'mene inadutsa. Kamera inaisunga koyamba. Wojambula anaikonza pa kompyuta n'kudina Export, kachiwiri. Anaitumiza pa WhatsApp kwa wapampando kuti aione, kachitatu. Wapampando anaona kuti dzina la mpingo palibe, ndiye mphwake anailowetsa mu CapCut pa foni, n'kulembapo dzinalo, n'kuitulutsanso, kachinayi. Kenaka YouTube nayo inaikonza m'njira yake, kachisanu. Pa malo asanu onsewa vidiyo inapanikizidwa, ndipo kupanikiza kulikonse kumataya kanthu kosabwereranso.

Chifukwa chake n'chakuti vidiyo yosapanikiza ndi yaikulu moti foni singaisunge. Njira imene mafoni ndi makamera ambiri amagwiritsa ntchito, ya H.264, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003, siisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chathunthu apo ndi apo, ndipo pakati pake imangolemba zimene zasintha. Imagawanso chithunzi m'timabokosi n'kutaya tinthu ting'onoting'ono timene diso silingationetsetse. Ulendo woyamba imataya mochenjera ndithu, simungazindikire. Vuto limabwera ulendo wachiwiri: pulogalamu sidziwa kuti timabokosi takale tija ndi zipsera, imatitenga ngati mbali ya chithunzi, n'kuwononga malo potisunga, kwinaku ikuwonjezera zipsera zake. Amene anakula m'nthawi ya makaseti akukumbukira kaseti yojambulidwa kuchokera ku kaseti inzake, nayonso yojambulidwa ku ina, m'mene inkalirira ngati woimba ali m'chitsime.

Komabe fanizo la kasetili lili ndi malire, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kukopera fayilo sikuwononga kalikonse. Mutha kuichotsa pa kompyuta kupita pa fulashi, pa fulashi kupita pa foni, maulendo 100, idzakhalabe chimodzimodzi. Chowononga ndi pulogalamu imene yatsegula vidiyo n'kuipanganso. Ndiye pa malo asanu aja, atatu okha ndiwo osathawika: kamera, Export imodzi, ndi YouTube. Awiri enawo ndi odziputira.

Vuto la WhatsApp n'losavuta. Mukasankha vidiyo m'zithunzi za pa foni, WhatsApp imaichepetsa, ngakhale mutadina HD. Mukaitumiza ngati Document imapita m'mene iliri, mpaka 2 GB. Kapena, popeza Nkhorongo ndi Luwinga n'pafupi, kabaza ndi fulashi zimagwira ntchito yomweyo popanda kudya bandulo. La mphwake wa wapampando lija mankhwala ake ndi kubwerera kwa wojambula. Iye atsegule pulojekiti yake, imene ikadali yolumikizidwa ku mafayilo a mu kamera, alembepo dzina la mpingo, atulutse vidiyo yatsopano. Akatero ngakhale kakhumi, vidiyo iliyonse imakhala ya m'badwo womwewo, chifukwa ikuchokera ku gwero. N'chifukwa chake wojambula amene amafufuta mafayilo a mu kamera tsiku lomwe walandira ndalama, ine ndimamuona ngati telala wotaya nsalu yotsala kasitomala asanayese diresi.

Tsopano bitireti. Mawuwa amatanthauza kuchuluka kwa deta imene sekondi imodzi ya vidiyo yapatsidwa, ndipo pa sikirini mudzaona Mbps. Ndi yosiyana ndi 1080p kapena 720p, zomwe zimangonena kukula kwa chithunzi. Mavidiyo awiri atha kukhala a 1080p onse, ina yowala, ina yofuba, chifukwa ina inapatsidwa deta yokwanira pamene inzake inamanidwa. Kuwerengera kwake mwana wa sitandade 7 atha:

```
MB = Mbps × masekondi ÷ 8
```

YouTube imalangiza 8 Mbps pa vidiyo wamba ya 1080p ya zithunzi 24 mpaka 30 pa sekondi, ndi 12 Mbps ngati zithunzizo zili 50 kapena 60. Ya 720p imalangiza 5 Mbps. Nyimbo yathu ya mphindi zisanu ndi masekondi 300, choncho pa 8 Mbps ikhala 300 MB, kuwonjezerapo pafupifupi 14 MB ya mawu ngati mwatsata 384 kbps imene amalangiza. Netiweki ikamakweza pa liwiro la 2 Mbps, mudikira mphindi zoposa pang'ono 20.

Samuyi imagwiranso chobwerera, ndipo ndiyo njira yogwirira fayilo yodwala. Ngati vidiyo imene yafika pa foni ya wapampando ili 45 MB, chulukitsani ndi 8, gawani ndi 300: mupeza 1.2 Mbps. Imeneyo si yoika pa YouTube, ndi yongoonera. Ndipo musaganize zoichiritsa poitulutsanso pa 50 Mbps. Mudzapeza fayilo ya 1,875 MB yosunga mokhulupirika timabokosi tomwe tija, bandulo ya TNM kapena Airtel n'kuthera pachabe.

Nambala ya YouTube ija ndi poyambira chabe. Mlaliki woima pa khoma loyera safuna deta yambiri, chifukwa chosintha ndi milomo ndi manja basi. Kwaya yovina, ya zitenje zamaluwa, kumbuyo kuli masamba ogwedezeka ndi mphepo, ndi ntchito yolemetsa kwambiri kwa pulogalamu yopanikiza. Chimodzimodzinso vidiyo yojambulidwa m'tchalitchi mwa mdima, momwe kamera imadzaza timadontho tothwanima. Zotere ine ndingazipatse 12 Mbps, ndiye kuti 450 MB, kuti YouTube ikamapanikiza ipeze chogwira. Ngati bandulo siikulola, tsikani pa 720p ndi 5 Mbps, pafupifupi 188 MB. Chithunzi chaching'ono chokhuta chimaoneka bwino kuposa cha 1080p chopatsidwa 3 Mbps. Ndipo ngati vidiyo ikufunikanso pa Facebook kapena TikTok, iliyonse ichokere ku pulojekiti, osati kutsitsa ya pa YouTube n'kuiponya kwina.

Nanga ngati wojambula wasamuka, pulojekiti palibe, ndipo mukungofuna kudula masekondi 20 oyambirira pamene ankakonza maikolofoni? Kudula kokha kumatheka popanda kupanikizanso. Pulogalamu yaulere ya LosslessCut imachita zimenezi, kapena lamulo ili la FFmpeg:

```
ffmpeg -ss 20 -i kwaya.mp4 -c copy kwaya2.mp4
```

Mawu akuti `-c copy` akuuza kompyuta kuti ingokopera, isapangenso. Malire ake ndi akuti imadula pa chithunzi chathunthu chapafupi, choncho mdulidwe utha kuphonya ndi sekondi imodzi kapena zingapo, ndipo kulembapo dzina kapena kusintha mitundu sikutheka mwa njira imeneyi.

Inu a komiti ya kwaya, polemba mgwirizano ndi wojambula onjezerani mzere umodzi: akupatseni pa fulashi vidiyo imene yatuluka mu Export yake, ndipo asunge pulojekiti ndi mafayilo a mu kamera kufikira nyimboyo itakwera pa YouTube inu n'kuiona ndi maso anu.