Lemba ndi mbale: momwe kompyuta imapezera mawu apachibale

Tengani pepala mulembe liwu loti lemba. Mudule chilembo chilichonse pachokha, kenako musunthe tizidutswato patebulo. Posakhalitsa mupeza kuti zilembo zisanu zomwezo zikupanga liwu lina, mbale. Simunawonjezere kanthu, simunachotseponso kanthu. Mawu otere amatchedwa anagiramu, ndipo m'Chichewa alimo ambiri: tola ndi lota, kula ndi luka, lamba ndi mbala, mata ndi tama.

Kupeza awiri kapena atatu ndi masewera. Ntchito imakula munthu akakupatsani mawu 10,000 osakanikirana n'kunena kuti muwaike m'magulu, aliwonse ndi abale ake. Funsoli limakonda kubwera kwa ophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo Jon Bentley analifotokoza m'buku lake la Programming Pearls la mu 1986, pofuna kupeza maanagiramu onse a m'dikishonale ya Chingerezi.

Njira imene imayamba kubwera m'mutu ndi yotenga liwu limodzi n'kulisanduliza m'njira zonse zotheka, uku mukuyang'ana ngati lililonse lili pamndandanda. Zilembo zisanu za lemba zingasanjidwe m'njira 120. Zikakhala zilembo khumi zosiyana, njirazo zimafika 3,628,800, pa liwu limodzi lokha. Mwina munganene kuti bwanji osangoyerekeza liwu lililonse ndi linzake. Pa mawu 10,000 mudzayerekeza maulendo 49,995,000, ndipo ochuluka mwa maulendowo adzapita pachabe, poti mawu ambiri alibe m'bale.

Nzeru yake ndi yakuti mawuwo musawayerekeze n'komwe. Liwu lililonse mulipatse chizindikiro chimene abale ake onse akhale nacho, koma chimene mlendo sangakhale nacho. Olemba mapulogalamu amachitcha kiyi.

Kiyi yosavuta imapangidwa posanja zilembo za liwulo motsata alifabeti. Lemba likhala abelm. Mbale likhalanso abelm. Kiyiyo siliwu lenileni ndipo sifunika kutanthauza kanthu. Ili ngati dzina lolembedwa pathumba kuti mudziwe chokolola choti muthiremo.

Tiyese ndi mawu awa monga abwerera: tola, lemba, kula, lota, lamba, mbale, luka, moto. Tola lipereka alot. Thumba la dzinali palibe, ndiye titsegula latsopano n'kuponyamo tola. Lemba litsegula la abelm, kula litsegula la aklu. Tikafika pa lota, kiyi yake ndi alot, thumba lilipo kale, lota lingolowa n'kukapeza tola. Lamba likufanana kwambiri ndi lemba m'maso ndi m'khutu, koma kiyi yake ndi aablm, choncho likhala palokha. Mbale lipita kwa lemba, luka kwa kula, ndipo moto, ndi kiyi yake ya moot, litsala lopanda mnzake. Mawu asanu ndi atatu alowa m'matumba asanu, ndipo liwu lililonse taligwira kamodzi kokha.

M'chiyankhulo cha Python ntchito yonseyi ndi mizere inayi:

```python
magulu = {}
for liwu in mawu:
    kiyi = "".join(sorted(liwu.lower()))
    magulu.setdefault(kiyi, []).append(liwu)
```

Apa `magulu` ndiye nkhokwe ya matumba aja. Python imaitcha `dict`, ndipo ubwino wake ndi woti imapeza thumba la kiyi imene mwaipatsa mosachita kufufuza matumba onse limodzilimodzi.

Pali kiyi ina yachiwiri, yowerenga zilembo m'malo mozisanja. Mumakonza timabokosi 26, kuyambira ka a mpaka ka z, tonse tili pa 0. Chilembo chikapezeka, kabokosi kake kamakwera ndi 1. Lamba lidzapereka a awiri, b mmodzi, l mmodzi ndi m mmodzi, ndipo mbala lidzapereka manambala omwewo.

```python
mabokosi = [0] * 26
for c in liwu:
    mabokosi[ord(c) - ord("a")] += 1
kiyi = tuple(mabokosi)
```

Amene amakonda njirayi ali ndi chifukwa chomveka. Kusanja kumalemera mofulumirirapo liwu likamatalika, pamene kuwerenga kumangodutsa pa chilembo chilichonse kamodzi. Koma mawu amene anthufe timayankhula ndi aafupi. Kusanja zilembo zisanu kapena khumi sikuchedwa, chonsecho njira yowerengayi imakonza manambala 26 ngakhale pa liwu la zilembo zinayi ngati moto. Phindu lake limaoneka bwino zolembazo zikakhala zazitali zedi ndipo mitundu ya zilembo ili yochepa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi china. Timabokosi 26 tija tinapangidwira Chingerezi cholembedwa m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo tikakumana ndi china chilichonse timasokonezeka. Kompyuta imasunga chilembo ngati nambala: a ndi 97, b ndi 98, mpaka z amene ndi 122. Ndiye chifukwa chake khodi ija imachotsera 97 kuti ipeze kabokosi. Tsopano lembani Malaŵi ndi ŵ wa kachipewa. Nambala yake ndi 373, kuchotsera 97 kutsala 276, ndipo kabokosi ka 276 kulibe. Pulogalamu imaima n'kulemba `IndexError`. Chimodzimodzi kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi ng'oma.

Kuima koteroko n'kwabwinoko, poti mwadziwa kuti chalakwika. Choopsa ndi chilembo chachikulu. M wamkulu ndi 77, kuchotsera 97 kutsala -20. Python sikana nambala yotere. Imawerenga timabokosi kuchokera kumapeto kubwerera m'mbuyo, n'kukafika pa kabokosi ka g. Ndiye Mbale lolembedwa kumayambiriro kwa chiganizo lidzawerengedwa ngati gbale, lidzasiyana ndi lemba, ndipo pulogalamu idzamaliza ntchito mwakachetechete ngati zonse zili bwino. Kiyi yosanja nayonso imafuna `lower()`, apo ayi Mbale lipereka Mabel m'malo mwa abelm, koma ŵ ndi kachizindikiro kaja imazilandira popanda vuto.

Palinso njira zachidule zimene zimakopa ophunzira. Wina amati tingoona zilembo zimene zilimo, osasamala kuti zilimo kangati. Akatero, mata ndi matama zigwera m'thumba limodzi, pamene lina lili ndi zilembo zinayi, lina zisanu ndi chimodzi. Wina amapatsa a nambala 1, b nambala 2, mpaka z 26, n'kuphatikiza. Yesani mata: 13, 1, 20 ndi 1 zipanga 35. Yesaninso lima: 12, 9, 13 ndi 1 zipanga 35 yemweyo. Mawu osagwirizana asanduka apachibale. Ngakhale wowerenga zilembo bwinobwino angathe kudziwonongera akalumikiza manambala popanda chowalekanitsa, chifukwa 1 ndi 11 zimaoneka ngati 111, monganso 11 ndi 1. N'chifukwa chake khodi ija yagwiritsa ntchito `tuple`, imene imasunga nambala iliyonse payokha.

Zolakwika zonsezi zimagwidwa mosavuta. Mukamaliza, tsegulani matumba muone ngati muli lina lokhala ndi mawu osiyana kutalika, ndipo muwerenge mawu onse kuti mutsimikize kuti akufanana ndi amene munayamba nawo. Pamndandanda woyesera musaiwale kuikapo mata, matama, lima, Mbale ndi Malaŵi.

Ngati mawu anu ndi a Chichewa, kaya mukukonzera ana a sukulu masewera a zilembo kaya mukusanthula dikishonale, yambani ndi kiyi yosanja, ndipo zilembo zonse muzichepetse kaye musanazisanje.