Kalata yothokoza wantchito: anagulitsa matumba angati, ndipo zinathandiza chiyani?

M'maofesi ambiri muli kalata imodzi yomwe imangosinthidwa dzina ndi tsiku. Imati: "Tikukuthokozani chifukwa cha khama ndi kudzipereka kwanu pa ntchito. Pitirizani." Mlonda amalandira yomweyo, akauntanti yomweyo, dalaivala yomweyonso. Woilandira amamwetulira, kuipinda kanayi, ndipo ikatha sabata sakumbukanso komwe anaiika. Sitingamunene, chifukwa kalatayo sikunena za iye. Ikanatha kupita kwa wina aliyense.

Kalata yothokoza wantchito amene wapitirira mlingo womwe anamuikira, uja ambiri amangoti tageti, imayenera kuyankha mafunso atatu. Anamuuza kuti afike pati, ndipo iye wafika pati? Anachita chiyani chomwe ena sanachite? Nanga zomwe anachitazo zasintha chiyani pakampani? Bwana amene sangayankhe mafunso amenewa asayambe walemba. Ayambe wakatsegula mabuku.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa chakudya cha nkhuku pa boma lina. Mayi wina wogulitsa m'sitolomo, timutche Mayi Uje, anauzidwa kuti kuyambira Januwale mpaka Malichi agulitse matumba 1,200 a makilogalamu 50. Miyezi itatuyo itatha, mabuku anaonetsa matumba 1,500. Wapitirira ndi matumba 300, kutanthauza 25 pa 100 alionse. Chiganizo choyamba cha kalata chapezeka kale pamenepo, ndipo nambala zonse ziwiri, ya mlingo ndi ya zomwe wakwanitsa, ziyenera kulembedwa moyandikana. Kungoti "munagulitsa matumba 1,500" sikuuza munthu wakunja ngati zimenezi ndi zambiri kapena zochepa.

Mwaona kuti ndawerenga matumba, osati makwacha. Ndachitira dala. Ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya katundu inakwera motsatira. Pa nthawi ngati imeneyi munthu akhoza kubweretsa makwacha ochuluka kuposa mlingo wake chonsecho wagulitsa katundu wochepa. Taonani: wogulitsa auzidwa kuti abweretse K30 miliyoni, iye nkubweretsa K36 miliyoni, aliyense nkuwomba m'manja. Koma ngati mtengo wa thumba unali utakwera ndi 30 peresenti, kugulitsa matumba omwe aja anayembekezeka kukanabweretsa K39 miliyoni. Ndiye kuti mnzathuyu waperewera, sanapitirire. Bwana wosayang'ana zimenezi amathokoza munthu chifukwa cha kukwera kwa mitengo, ndipo anzake a wantchitoyo, omwe amanyamula matumbawo tsiku ndi tsiku, amadziwa zoona zake. Choncho ngati nkotheka, werengani chinthu chomwe sichisintha ndi mitengo: matumba, makatoni, makasitomala atsopano, masiku omwe ntchito inatenga.

Palinso msampha wina, wa ngongole. Thumba lomwe latuluka m'sitolo koma ndalama yake sinalowe silinagulitsidwe, langosamuka. Manijala asanalembe, afunse kwa osunga ndalama kuti mwa matumba 1,500 aja ndi angati omwe alipiridwa. Kufunsa kumeneku nkwa mphindi zochepa, koma kumapulumutsa ku manyazi othokoza munthu mu Epulo nkumamuitanira ku ofesi mu Juni kuti afotokoze za ngongole zosabwezedwa.

Funso lachiwiri ndi lomwe mabwana ambiri amalidumpha, chifukwa limafuna kuti ukhale kuti unkaona zomwe wantchito wako amachita. Mawu oti "khama" ndi chophimba chabwino cha bwana amene sankaona. Mayi Uje sanagulitse matumba owonjezerawo pofika m'mamawa kapena pomwetulira kokha. Anagula kope, ndipo mlimi aliyense wogula chakudya cha anapiye ankamufunsa tsiku lomwe anapiyewo anafika ndi kuchuluka kwake. Nkhuku zanyama zimayamba ndi sitata, pakapita masabata awiri kapena atatu nkusinthira ku girowa, kenako finisha, ndipo pofika masabata asanu ndi umodzi zimakhala zayandikira kumsika. Ndi kope lake m'manja, mayiyu ankadziwa sabata yomwe mlimi aliyense adzafune chakudya chotsatira, ndipo ankamuimbira foni kutatsala masiku atatu. Mlimi yemwe akanakagula girowa pa sitolo ina iliyonse yomwe wayandikira ankabwerera komwe anagula sitata. Ichi ndicho chinthu chofunika kulowa m'kalata, ndi dzina lake lenileni: kope la alimi ndi mafoni aja.

Kutchula chochita chenichenicho kuli ndi phindu lomwe "khama" lilibe. Wantchito amadziwa chomwe ayenera kupitiriza, ndipo mnzake womva za kalatayo amadziwa chomwe angatengere. Khama silitengereka, koma kope aliyense akhoza kugula.

Tsono zotsatira zake. Apa wolemba adzifunse kuti, "Ndiye zinatani?" mpaka afike pa chinthu chomwe munthu angachione. Matumba 300 owonjezera ndi chotsatira choyamba, koma si chokhacho. Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya mvula, ndipo chakudya cha nkhuku chikakhalitsa m'nyumba yachinyezi chimachita nkhungu, nkutayidwa. Popeza kope lija linkaonetsa chomwe alimi adzafune sabata yamawa, sitolo inayamba kuitanitsa katundu wokwanira basi. Tinene kuti chaka chatha miyezi yomweyi anataya matumba 60, ndipo chaka chino ataya 4 okha. Nambala imeneyi mwina Mayi Uje mwiniwake sakuidziwa, chifukwa ili m'mabuku a wosunga katundu. Kumuuza nkumupatsa chinthu chomwe analibe.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, thunthu la kalatayo likhoza kumveka motere, pansi pa dzina la kampani, tsiku, dzina la wolandira ndi udindo wake:

"Mayi Uje, ndalemba kalatayi kukuthokozani chifukwa cha ntchito yomwe mwagwira kuyambira Januwale mpaka Malichi chaka chino. Mlingo wanu unali matumba 1,200 a chakudya cha nkhuku, ndipo inu mwagulitsa matumba 1,500, onse olipiridwa. Izi zatheka chifukwa cha kope lomwe munayambitsa mwa nzeru zanu, lolembamo alimi 44 ndi masiku omwe anapiye awo anafika, komanso chifukwa chowaimbira alimiwo nthawi yosintha chakudya isanakwane. Kope limeneli latithandiza kuitanitsa katundu molingana ndi zofuna za alimi, moti matumba owonongeka ndi chinyezi atsika kuchoka pa 60 chaka chatha kufika pa 4. Tikudziwa kuti ntchitoyi munaigwira mothandizana ndi wosunga katundu ndi dalaivala, amene nawonso tawathokoza paokha. Kalata ina yofanana ndi iyi yaikidwa m'fayilo yanu. Zikomo kwambiri, mayi."

Pansi pake pabwere dzina, udindo ndi siginecha ya wolemba, ndi chidindo cha kampani ngati chilipo. Tsamba limodzi lakwana. Wosayina akhale bwana amene amaiona ntchitoyo. Ngati mkulu wa kampani akufuna kuikapo dzanja lake, asayine wachiwiri. Chilankhulo chikhale chomwe wolandirayo amawerenga momasuka, ndipo ngati fayilo ikufuna Chingerezi, palibe choletsa kulemba ziwiri. Kalatayo isachedwenso. Yofika mu Disembala kuthokoza za Malichi imapeza munthu ataiwala, kapena atakhumudwa kale.

Chiganizo chija chotchula wosunga katundu ndi dalaivala chisakupusitseni kuti nchongokometsera. Thumba silidzikweza lokha pagalimoto. Kalata yopereka ulemu wonse kwa munthu mmodzi pa ntchito yomwe anagwira anthu anayi imamusiya wothokozedwayo pamoto, ndipo mwezi wotsatira adzadabwa kuti katundu wake akuchedwa kutuluka. Nsanje ya pantchito timaidziwa tonse. Ndi chifukwa chakenso bwana wanzeru amayamba wamufunsa mwiniwake ngati akufuna kuti kalatayo iwerengedwe pamsonkhano kapena angopatsidwa mu envulopu. Ena amakondwa kuitanidwa kutsogolo, ena zimawasowetsa mtendere.

Pali zinthu ziwiri zomwe ine ndingachotse m'kalata iliyonse yotere. Choyamba ndi "koma". "Mwachita bwino, koma muzifika msanga" si kuthokoza, ndi chidzudzulo chovala jekete. Za kuchedwa zili ndi tsiku lake ndi pepala lake. Chachiwiri ndi lonjezo lomwe silinavomerezedwe. Mtima ukasangalala, dzanja limafulumira kulemba kuti "posachedwa tikukwezani", chonsecho wolembayo alibe mphamvu zokweza munthu. Wantchito adzasunga mawu amenewo, ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka chowakumbutsira. Ngati pali bonasi yomwe yavomerezedwa kale, ilembedwe ndi kuchuluka kwake ndi mwezi womwe idzalowe, ndipo kalatayo inene poyera kuti ndalamayo idzadulidwa msonkho wa PAYE wopita ku MRA. Kupanda kutero, munthu wolonjezedwa K200,000 akadzaona yocheperapo ku banki adzaganiza kuti wina wadyapo. Ndipo tisanamizane: kalata silowa m'malo mwa bonasi yomwe ili m'pangano la ntchito. Pepala saguliramo ufa.

Kalatayi ndi chikalata cha ofesi, ndipo tsiku lina ikhoza kuwerengedwa ndi anthu omwe wolemba sankawaganizira. Lamulo la ntchito la dziko lino la 2000 limafuna kuti wolemba ntchito akhale ndi chifukwa chomveka pochotsa munthu, chokhudza kagwiridwe ka ntchito, khalidwe lake kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani, ndipo nkhani ikafika kukhoti loona milandu ya ntchito, ndi wolemba ntchitoyo amene amayenera kupereka chifukwacho. Bwana amene analemba mwachisawawa kuti "ndinu wantchito wopanda banga nthawi zonse" adzavutika kufotokoza chifukwa chomwe wachotsera munthu yemweyo patangopita miyezi iwiri ponena kuti satha ntchito. Mankhwala ake si kuleka kuthokoza ayi, koma kulemba zoona zokhazokha ndi kuzimangirira ku nthawi yake: miyezi yakuti, matumba akuti, chochita chakuti.

Kwa wantchito, phindu la kalata yotere limaonekera kwambiri tsiku lochoka. Lamulo lomwelo limati chikalata chomwe munthu amapatsidwa ntchito ikatha chizinena zinthu monga nthawi yomwe wagwira, udindo wake ndi malipiro ake, koma chisanene za momwe ankagwirira ntchito pokhapokha mwiniwake atapempha. Ndipo pofika tsiku limenelo, bwana uja anaona kope la alimi akhoza kukhala kuti anasamuka kalekale. Choncho inu amene mwalandira kalata yokhala ndi nambala zake, musaisiye m'dirowa ya ku ofesi. Ijambuleni pafoni, pangitsani fotokope, ndipo yeniyeniyo mukaiike m'fayilo momwe mumasunga masatifiketi anu.