Kutola puloteni imodzi pakati pa masauzande

Mukaphwanya maselo a bakiteriya a E. coli, mumapeza madzi amatope okhala ndi mapuloteni a mitundu yoposa 1,000. Tinene kuti mukufunamo imodzi yokha, GFP, puloteni yowala mobiriwira imene inabweretsa mphoto ya Nobel mu 2008. Ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa mumaiona ndi maso pamene ikuyenda.

Njira zitatu zotchuka zimayamba mofanana. Madziwo amathiridwa m'chubu chodzaza timikanda ting'onoting'ono. Kusiyana kuli pa chimene timikandato timagwira.

Yakuthwa kwambiri ndi ya timikanda tokoka puloteni imodzi mwadala. Asayansi amasintha jini kuti GFP ituluke ndi kamchira ka mahistidini 6, kamene kamakakamira nikelo. Timikanda ta nikelo timakola GFP, zinazo n'kumadutsa. Mumatsuka ndi imidazolo wochepa, ngati 20 mM, kuti zogwira mofooka zichoke, kenaka n'kukweza kufika 250 mM, ndipo mzere wobiriwira umatsika. Pa ulendo umodzi zinyalala zambiri zapita. Koma samalani ndi EDTA, amene ena amathira pophwanya maselo: amazula nikelo, timikanda timene tinali tobiriwira ngati mtambo timasanduka toyera, ndipo puloteni yanu imadutsa osaima. Komanso bakiteriyawo ali ndi mapuloteni awoawo okonda nikelo, monga SlyD, amene amatuluka limodzi ndi GFP.

Apa ndi pamene njira yachiwiri imathandiza, yosiyanitsa potengera mphamvu ya magetsi. Pa pH 8, GFP imakhala ndi mphamvu ya negetivu, choncho imamatirira ku timikanda ta pozetivu. Mukamawonjezera mchere pang'onopang'ono, mapuloteni amataya chogwira motsatana, ofooka poyamba. Njirayi safuna kamchira, ndipo imanyamula puloteni yambiri. Msampha wake ndi mchere womwewo. Madzi ochokera ku nikelo nthawi zambiri amakhala ndi 300 mM ya mchere, ndiye mukawathira osawasungunula, GFP singagwire. Mudzaona madzi oyamba kutuluka ali kale obiriwira.

Yachitatu, imene Porath ndi Flodin anaifotokoza ku Uppsala mu 1959, imaona kukula kokha. Imachita zosemphana ndi sefa ya ufa: zazikulu ndi zimene zimatuluka poyamba, chifukwa sizikwana m'tizibowo ta timikanda, pamene zazing'ono zimalowamo n'kuchedwa. Kuyamba ndi njirayi n'kutaya nthawi. Chubu cha mamililita 120 chimalandira bwino mamililita 2 okha, ndipo mapuloteni ofanana kukula ndi GFP, ya 27 kDa, amatuluka nayo pamodzi. Malo ake ndi kumapeto, kumene imachotsa chimene zinzakezo zimavutika nacho: GFP yomweyo imene yaundana n'kukhala zibuluma. Zibulumazo zili ndi kamchira komweko, choncho nikelo sazisiyanitsa ndi puloteni yabwino, koma m'chubu ichi zimatsogola kutuluka, ndipo mumangozitaya.