Nambala imodzi yochenjeza kuti kampani ingathe kugwa

Kampani yopanga zinthu sigwa tsiku limodzi. Malipiro asanayambe kuchedwa, makina asanazime, zizindikiro zimakhala zitaoneka kale m'malipoti a zachuma omwe kampaniyo imasindikiza chaka ndi chaka. Vuto ndi loti manambala amachuluka, ndipo wowerenga wamba sadziwa poyambira.

Mu 1968, a Edward Altman a pa yunivesite ya New York ku Amereka anasonyeza poyambira. Anatenga makampani opanga zinthu 66: okwana 33 omwe anagwa ndi ngongole pakati pa 1946 ndi 1965, ndi ena 33 omwe anapitirira kugwira ntchito. Atafananitsa malipoti awo, anasankha miyeso isanu yomwe, ikaphatikizidwa, imasiyanitsa bwino magulu awiriwa. Chotuluka chake ndi nambala imodzi yotchedwa Z.

```
Z = 1.2X1 + 1.4X2 + 3.3X3 + 0.6X4 + 1.0X5
```

Z ikatsika pansi pa 1.81, kampani ikufanana ndi zija zinagwa. Ikapitirira 2.99, ili pabwino. Pakatipa mpokayikitsa.

Tiyese ndi kampani yongopeka yopanga sopo, yomwe katundu wake yense, kuyambira makina, nyumba, sopo wa m'nkhokwe mpaka ndalama za kubanki, ndi wokwana K10 biliyoni. Miyeso inayi mwa isanuyi timaigawa ndi nambala imeneyi.

X1 ikufunsa ngati kampani ili ndi zoyendetsera ntchito. Katundu yemwe angasanduke ndalama chaka chisanathe ndi wa K4 biliyoni, ngongole zofunika kubweza m'chaka chomwecho ndi K3.5 biliyoni. Yotsala ndi theka la biliyoni, choncho X1 ndi 0.05. X2 ndi phindu lomwe kampani yakhala ikusunga chiyambireni osaligawira eni masheya. Tinene kuti ndi K1 biliyoni, kutanthauza 0.1. X3 ndi phindu la chaka chino musanachotse chiwongoladzanja ndi msonkho. Pano ndi K800 miliyoni, ndiye 0.08. Muyeso umenewu ndiwo umachulukitsidwa ndi nambala yaikulu, 3.3, ndipo m'pake, poti makina osabala phindu sangabweze ngongole.

X4 yokha ndiyo imagawidwa mosiyana. Mumatenga mtengo wa masheya onse pamsika, tinene K3 biliyoni, n'kugawa ndi ngongole zonse, K6 biliyoni, n'kupeza 0.5. Pomaliza X5 ndi zomwe kampani yagulitsa pachaka, K12 biliyoni, zomwe zikupereka 1.2.

```
Z = 0.06 + 0.14 + 0.264 + 0.30 + 1.20 = 1.964
```

Kampani yathu yapulumuka pang'ono pamzere wa 1.81. Koma musathamangire kutseka buku. Taonani kumene 1.96 ameneyu wachokera: 1.2 yense wachokera ku malonda, pamene miyeso ina inayi pamodzi yangokwana 0.76. Kampaniyi ikugulitsa kwambiri koma ikutsala ndi zochepa m'manja.

Apa ndi pomwe owerenga a kuno ayenera kusamala koposa. Mitengo ikamakwera msanga, monga zinachitikira kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama za malonda zimafufuma ngakhale sopo wogulitsidwa ali yemweyo. Makina ndi nyumba nthawi zambiri zimakhalabe m'mabuku pamtengo wakale. Kampani yathu itakweza mitengo ndi 30 peresenti, zina zonse osasintha, X5 ifika 1.56 ndipo Z ikwera kufika 2.32. Papepala yachira, koma kufakitale palibe chasintha. Njira yozindikirira n'kuona ngati X3 yakwera limodzi ndi X5, komanso ngati lipoti likunena kuchuluka kwa katundu wogulitsidwa, osati ndalama zokha.

X1 nayo imanamiza. Sopo wosagulika wodzaza m'nkhokwe ndi ngongole za makasitomala osabweza zimawerengedwa ngati katundu, choncho werengani ndemanga za kumapeto kwa lipoti kuti muone ngati zikuwunjikana.

Muyesowu uli ndi malire ake. Pamakampani a Altman aja unalondola 95 peresenti kutatsala chaka chimodzi kuti agwe, koma 72 peresenti yokha kutatsala zaka ziwiri. Unapangidwira makampani opanga zinthu omwe ali pamsika wa masheya, kotero suyenera mabanki. Kampani yosagulitsa masheya pamsika ili ndi kawerengedwe kake kena komwe a Altman anatulutsa mu 1983, kokhala ndi manambala ndi malire osiyana.

Ngati muli ndi masheya, mumagwira ntchito kufakitale, kapena mumapereka katundu pangongole, musadalire Z ya chaka chimodzi. Werengerani ya zaka zitatu kapena zisanu zotsatizana, ndipo ikamatsika chaka ndi chaka, funsani akuluakulu a kampaniyo chifukwa chake musanaikemonso ndalama zanu.