Zitsekerero za mabotolo zimene zimaphunzitsa masamu

Kuchokera mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'Malawi, makalasi a Sitandade 1 ndi 2 akhala odzadza kwambiri, ndipo si sukulu zonse zimene zingagule zipangizo zophunzitsira masamu. N'chifukwa chake aphunzitsi amaphunzitsidwa njira ya TALULAR, imene tanthauzo lake ndi kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lomwelo. Mwa zinthu zonse zimene anthu amataya pamsika ndi pagolosale, zitsekerero za mabotolo zapulasitiki ndi zimene ndimaziona kuti zimagwira ntchito koposa. Sizichita dzimbiri ngati zachitsulo, chiswe sichizidya, ndipo anankafumbwe ndi makoswe, amene amatha chimanga ndi nyemba zowerengera, alibe nazo ntchito.

Tiyerekeze kalasi ya ana 80. Mphunzitsi akawagawa m'magulu a ana 8, magulu amakhala 10. Gulu lililonse likhale ndi zitsekerero 100, ndiye kuti zonse pamodzi zikufunika 1,000. Zikuoneka ngati zambiri, koma mwana aliyense akabweretsa 13 zakwana kale. Zitsukidwe ndi sopo n'kuyanikidwa padzuwa. Zochokera ku mabotolo a mankhwala a mbewu kapena oviikira ziweto zisalandiridwe ngakhale pang'ono, pakuti ana aang'ono amaika zinthu m'kamwa.

Ntchito yoyamba ndi yosankha. Ana athire zitsekerero pamkeka n'kuziika m'magulu, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha, m'mabotolo odulidwa pakati. Tsiku lina asankhe potengera kukula kwake osayang'ananso mtundu. Mwana amene akulephera kuika chitsekerero chofiira chachikulu pamodzi ndi chobiriwira chachikulu akadali womangika ku lamulo ladzulo, ndipo afunika kuyeserera ndi milu ing'onoing'ono.

Powerenga, mphunzitsi ayang'ane chala, asangomvera pakamwa. Ana ambiri amatchula manambala mpaka 20 ngati nyimbo, chala chikulumpha zitsekerero zina kapena kukhudza chimodzi kawiri. Mankhwala ake ndi oti mwana azisuntha chitsekerero chilichonse kupita mbali ina pamene akutchula nambala yake. Akamaliza kuwerenga 7, zimwazeni patalipatali n'kumufunsa kuti tsopano zilipo zingati. Akanena kuti zachuluka, ndiye kuti sanamvetse kuti nambala sisintha zinthu zikangosunthidwa.

Koma phindu lenileni la zitsekererozi limaoneka zikamangidwa m'makumi, ndipo apa ndi pamene makalasi ambiri amalekera panjira. Munthu wamkulu, osati ana, aboole chitsekerero chilichonse ndi msomali wotentha. Kenaka ana enieniwo awerenge 10 n'kuzitunga pa ulusi wosomola ku thumba lakale, n'kumanga mfundo yosavuta kumasula. Chingwe chimodzi ndi teni, chitsekerero chosamanga ndi wani. Gulu lililonse limange zingwe 9, zitsekerero 10 zitsale zomasuka.

Taonani mmene zimathandizira pa samu yochotsera 15 pa 32. Mwana aika pansi zingwe 3 ndi zitsekerero 2. Akufuna kuchotsa 5, koma zomasuka zilipo 2 zokha. Apa mphunzitsi asafulumire kuyankha. Amulole mwanayo asinkhesinkhe mpaka aone yekha kuti ayenera kumasula chingwe chimodzi. Akamasula, zingwe zitsala 2 ndipo zomasuka zikhala 12. Achotsapo 5, zitsala 7. Achotsanso chingwe chimodzi, chitsala chimodzi. Yankho ndi 17. Chimene timachitcha kubwereka mwanayo wachichita ndi manja ake, ndipo waona kuti teni ija sinachokere kwina, inali mkati mwa 32 momwemo.

Mwana amene sanamasulepo chingwe nthawi zambiri amalemba 23 m'kope. Amachotsa 2 pa 5 chifukwa anamva kuti chaching'ono ndiye chimachotsedwa pa chachikulu. Mphunzitsi akaona 23 m'makope angapo asawonjezere masamu pabolodi. Abwerere ku zingwe, ndipo nthawi iliyonse mwana akamasula chingwe alembe pomwepo zimene zachitika, kuti 3 wasanduka 2 ndipo 2 wasanduka 12. Popanda kulembako, ana amadziwa samu ya pamkeka koma ya m'kope n'kumaiphonyabe.

Zitsekerero zili ndi malire ake. Manambala akafika m'mahandiredi zimachuluka kwambiri, ndipo timitengo tomanga m'mitolo kapena abakasi ya waya zimaposa. Zingwe nazo zimasokonekera: chimodzi chikakhala ndi 9, mayankho a gululo amalakwika ndi 1 nthawi iliyonse chingwecho chikamasulidwa, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro chake. Choncho phunziro likatha gulu lililonse liwerengenso zingwe zake, liziike m'thumba lolembedwa dzina la gululo, thumbalo lipachikidwe pamsomali m'chipinda chokhoma.